Oda ya chiponde pa K27: tilandire kapena tikane?

Wamabuku, Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni. Pamalo pomwe ndimasunga mabuku, makina angapange mabotolo 5,000 a chiponde pamwezi, koma tikupanga 3,200 okha. Timagulitsa K38 limodzi. Wamalonda wina wa ku Petauke akufuna mabotolo 1,500 kamodzi kokha, pa K27, okhala ndi lebulo yake. Mabuku akuonetsa kuti botolo limatidyera K30. Abwana akuti tikane.

Amayi a ku Katete: Abwana akunena zoona. Chinthu cha K30 kuchigulitsa K27, ndiye kuti botolo lililonse mukutaya K3.

Mkulu wa zowerengera: Amayi, tiyambe tamasula K30 imeneyo. Achimwene, muli chiyani mmenemo?

Wamabuku, Kapata: Mtedza theka la kilo K12. Botolo, chivindikiro ndi lebulo K6. Mchere, magetsi ndi aganyu K4. K8 yotsalayo ndi lendi, malipiro a pamwezi ndi kutha kwa makina, K25,600 yogawidwa pa mabotolo 3,200.

Mkulu wa zowerengera: K25,600 imeneyo mudzalipirabe, oda mulandire kapena mukane, choncho isalowe m'masamuwa. Zotuluka m'thumba chifukwa cha odayi ndi K22 pa botolo. Yatsala K5, kuchulukitsa ndi 1,500 ndi K7,500. Kenako chotsani zimene zabwera ndi oda yokhayi. Akanyamule ndani mpaka ku Petauke? Lebulo yatsopano akonzetse ndani?

Wamabuku, Kapata: Zonse ndi ife. Galimoto K1,800, kukonzetsa lebulo K1,200. Ndiye titsala ndi K4,500.

Mkulu wa zowerengera: Musafulumire. K12 ya mtedza ndi mtengo wa liti?

Wamabuku, Kapata: Wa nthawi yokolola, tinagula K24 pa kilo. Lero wafika K32.

Mkulu wa zowerengera: Vuto lagona pomwepo. Odayi idya makilo 750, ndipo mukawachotsa mosungira mudzagula ena pa K32 kuti makasitomala anu asasowe. Mtedza wa pa botolo ndi K16, osati K12. Kusiyana kwake ndi K6,000, ndiye K4,500 ija yasanduka kuluza K1,500. Mtengo woti musaluze ndi K26 kuphatikiza K2 ya galimoto ndi lebulo, K28. Ine ndingamuuze K30, kapena adzatenge yekha katundu.

Wa mafuta a mpendadzuwa: Nanga ngati mtedza ali nawo wokwanira kufika kokolola?

Mkulu wa zowerengera: Pamenepo werengani ndalama imene angapeze atagulitsa wotsalawo lero. K24 ija inapita kale.

Wa mafuta a mpendadzuwa: Komanso 5,000 yo ndi ya magetsi osazima. Akamazima masana, mudzayatsa jenereta kapena kugwira usiku, dizilo ndi malipiro owonjezera zilowe.

Amayi a ku Katete: Ine mtima sunakhazikike. Mabotolo amenewo akabwerera m'mashopu a ku Chipata pa K33, amene amagula K38 adzakhala chete?

Wamabuku, Kapata: Lebulo ndi yake, koma kukoma anthu adzakuzindikira. Ndimufunsa mawa komwe akagulitse.