Ndiunikireni zomwe ndikufuna kukalankhula kwa amayi Loweruka: kuwiritsa ndi kusunga madzi akumwa

Mlembi wa banki m'khonde, Malindi:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Amayi anzanga andipatsa mphindi 15 tikamaliza kusonkha masheya kuti ndilankhule za madzi akumwa, poti mvula yayandikira ndipo za kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiwale kuno ku Mangochi. Ine si namwino ayi, ndimangogulitsa usipa. Zomwe ndalemba ndi izi:

"Amayi, kolera ndi tayifodi zimalowera pakamwa. Tizilombo take timachoka m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi matendawa, mvula n'kutikokolera kunyanja kapena m'chitsime, ife n'kutunga. Maso sangatione, madzi angathe kukhala oyera mbee koma muli matenda. Moto umatipha. Choncho tiziwiritsa madzi akumwa, tizivindikira mtsuko."

Ndathera pomwepo, mphindi ziwiri sizikukwana n'komwe. Ndikudziwanso kuti andifunsa za nkhuni, makala adula. China chondivuta mumtima: chaka chatha mwana wanga wa zaka 9 anadwala tayifodi chonsecho kwathu timawiritsa madzi, ndipo amayi onsewo akudziwa. Akandifunsa ndikayankha chiyani?

Bambo wina, Monkey Bay:
Kawauzeni awiritse mphindi 30, osachepera. Agogo ankatero.

Mlangizi wa zaumoyo, dera la Koche:
Bambo, mukanena mphindi 30 amayiwo aseka, mawa lake palibe awiritse. Madzi akabwata kwenikweni, thovu lalikulu likugudubuzika mphika wonse, mphindi imodzi yakwana. Mayi, pa mawu anuwo onjezerani kusiyanitsa kuphitsa ndi kuwiritsa. Ambiri akaona timathovu tating'ono pansi pa poto ndi nthunzi pang'ono amaphula, amvekere awira. Amenewo ndi madzi osamba.

Koma funso lanu lenileni ndi la mwanayo, ndipo musalithawe, muyambire pomwepo. Ndikufunseni: madzi akawira mumawathira muti, nanga mumatunga ndi chiyani?

Mlembi wa banki m'khonde, Malindi:
Ndimawasiya azizire m'poto, kenako ndimathira mumtsuko wadothi chifukwa umaziziritsa bwino. Pamwamba timavindikira mbale, kapu imakhala pambalepo. Aliyense amatungira yomweyo n'kumwera yomweyo.

Mlangizi wa zaumoyo, dera la Koche:
Sindinganene kuti mwanayo anatengera pamenepo, chifukwa tayifodi angaitengere kusukulu, m'thobwa la pamsika, kapena m'mango osatsuka. Komanso pali anthu amene anachira koma akutulutsabe tizilomboti m'chimbudzi chawo osadziwa. Komabe mtsukowo ndi khomo lotsekula. Moto umapha tizilombo timene tili m'madzi nthawi imeneyo basi, susiyamo chilichonse chowalondera. Madzi akangozizira ali ngati ena onse. Mwana wachokera kuchimbudzi osasamba ndi sopo, wagwira kapu, madzi ali pansi ndiye dzanja lalowa mpaka m'chigongono. Nkhuni zanu zapita pachabe.

Ndiye gawani mphindi zanuzo motere. Zochepa zikhale za moto, zambiri za mtsuko. Mukatenge ndowa ya madzi oyera ndi kapu. Mayi mmodzi apake phulusa kapena makala m'manja, atunge monga amachitira kwawo, kenako wachiwiri, wachitatu. Mukatero funsani kuti ndani amwe. Palibe amavomera. Apo ndi pomwe munene kuti phulusali tikuliona, za kuchimbudzi sitiziona. Ine ndachita zimenezi kangapo, zimagwira kuposa kuwawerengera mayina a matenda.

Chosungiramo chabwino ndi chomwe dzanja silingalowe: chigubu cha kukamwa kwakung'ono chokhala ndi chitsekerero, kapena ndowa ya kampopi. Madzi azichita kutsanulidwa. Amene sangasiye mtsuko akhale ndi makapu awiri, yotungira ya chogwirira chachitali yopachika pamsomali, ndi yomwera. Yotungirayo isafike pamlomo ndipo isaikidwe pansi. Chinanso chomwe ambiri amalakwitsa ndi kuthira madzi owiritsa pamwamba pa otsala adzulo, kapena kutsukuluza mtsuko ndi madzi osawiritsa a kunyanja asanathiremo owiritsawo.

Mayi wa ana asanu, Makanjira:
Zabwino zonsezo koma nkhuni mutipatsa ndinu? Kwathu tilipo 7. Ndiwiritse ndowa zingati patsiku? Komanso madzi owiritsa sakoma, amamveka utsi, bambo a kunyumba amakana kumwa, amakatunga okha kudooko.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Mayi a ku Makanjira, tiyeni tiwerengere. Simukuwiritsa ochapira kapena osamba. Akumwa okha, munthu tinene malita awiri patsiku, anthu 7 ndi malita 14, kukatentha ngati Okutobala wa kunyanja mwina chigubu chonse cha malita 20. Poto wa malita 5 ndiye kuti katatu kapena kanayi. Ine ndimatereka ndikangophula nsima moto usanazime, nditavindikira, chifukwa chovindikira chimafulumira kubwata ndipo utsi sulowa kwambiri. Sindikunama kuti nkhuni sizipita, zimapita. Za kukomazo, akazizira muwakhutchumule m'chigubu chotseka, mpweya ukabwereramo amayamba kumveka bwino.

Mnyamata wa kabaza, Mangochi Boma:
Koma ana athu anabayidwa katemera wa tayifodi mu 2023, wa kolera tinamwanso. Zowiritsazi n'zachiyaninso?

Mlangizi wa zaumoyo, dera la Koche:
Achimwene, wa tayifodi uja anabaya ana osakwana zaka 15, akuluakulu sanalandire. Wa kolera mphamvu yake imatha pakapita nthawi, ndipo palibe katemera wotchinga aliyense kotheratu.

Pa za nkhuni, mayi a ku Makanjira akunena zoona, n'chifukwa chake tisamalankhule ngati moto ndiyo njira yokhayo. Klorini amene timagawa, kapena WaterGuard wa m'golosale, ali ndi ubwino womwe moto ulibe: amatsalira m'madzi n'kumalondera kwa kanthawi. Mulingo tsatirani wa pabotolo kapena womwe mlangizi wanu wakuuzani, mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, muyambe mwawasiya adikhe n'kusefa ndi kansalu koyera, chifukwa matope amadya mphamvu ya klorini. Kusefa kokhako sikupha kanthu.

Mayi wina, Mpondasi:
Ife timatunga pamjigo, ndiye sizikutikhudza eti? Ndipo pepani kupatuka, mlamu wanga thupi likutentha sabata yachiwiri, anamwa mankhwala a malungo osasintha.

Namwino, sindinena komwe ndimagwira:
Alamu anuwo apite kuchipatala lero, akanene kuti malungo ayezedwe komanso kutenthaku kwatenga masiku angati. Tayifodi imayenda mwakachetechete choncho, kutentha thupi, mutu, m'mimba kupweteka, ndipo ikalekereredwa ingathe kuboola matumbo. Kolera ndiye ya changu: kutsekula kwa madzi ngati otsukira mpunga, munthu angathe kufa tsiku lomwelo chifukwa chotha madzi m'thupi. Mayi mlembi, musatseke nkhani yanu osanena kuti wotsekula ayambe kumwa Thanzi ORS pompo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, akumwa ali panjira yopita kuchipatala. Za mjigo, madzi amatuluka abwino nthawi zambiri, koma onani zala zomwe zimagwira m'mphepete mwa ndowa posenza, ndi masamba amene ena amaponyamo kuti asatayike.

Mlembi wa banki m'khonde, Malindi:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi nkhani ya mwana wanga ndi kapu ija, kenako phulusa, moto ndi klorini pambuyo. Chatsala n'chimodzi: amayi akuluakulu sangalole chigubu, amati madzi ake amafunda ndipo amanunkha pulasitiki. Kodi alipo anaonapo mtsuko wadothi woumbidwa ndi kukamwa kwakung'ono kapena woikidwa kampopi kuno kwathu? Ndikufuna ndikawaonetse chinthu chenicheni.

Mayi wa ana asanu, Makanjira:
Wa kampopi sindinauone. Ine chigubu ndimachikulunga ndi chiguduli chonyowa n'kuika pamthunzi, amazizira ndithu. Koma za bambo okatunga kudooko zija simunandiyankhe.