Chiwongoladzanja cha ovadilafuti chikundisokoneza

Akuluakulu, ndithandizeni ndisanasaine. Ndili ndi golosale ku Limbe, ndipo banki yandilembera kalata yondilola kutapa mpaka K15 miliyoni kupyola ndalama zanga. Akuti adzaunikanso pakatha miyezi 12, koma ndime ina ikuti angaitanitse ngongole yonse tsiku lililonse. Nanga miyezi 12 ija ikadutsa tisanagwirizanenso, ndalama zomwe ndatapa zidzayamba kulipiritsidwa chindapusa?

Pomwe mutu waima ndi apa: alemba `reference rate + 5%`, kuwerengera tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti reference rate, chiwongoladzanja choyambira cha mabanki, ikakwera, changanso chikwera osandiuza? Amawerengera pa zomwe ndatapa zokha, kapena pa K15 miliyoni yonse?

Chikole akufuna nyumba, yomwe ndi ya mayi anga, pa "ngongole zonse". Kodi mawu amenewa akukokeramonso ngongole yanga ya galimoto?