Tisheti yothamangira ikumandimatirira, vuto ndi nsaluyo kapena kutentha?

Abale anga othamanga muno mu Lusaka ndithandizeni. Ndimathamanga ku Chelstone, mkati mwa sabata ndimadzuka 5 koloko koma Loweruka ndimatuluka cha m'ma 8 dzuwa la Okutobala litayamba kale kuotcha. Tisheti ya kotoni imalemera ndi thukuta mpaka kusupula nsonga za mabere, ndiye ndinagula ya poliyesita pa salaula ku Soweto poti amati imakoka thukuta, koma nayonso ikungomatirira kumsana thukuta nkumayenderera mkati. Komanso Julayi wapitayu ndimavala juzi yokhuthala, pothamanga kutentha, ndikangoima kunjenjemera. Ndizivala chani kwenikweni?

Mayankho

Wa ku Matero: Achimwene poliyesita ndi poliyesita basi, muone lebulo ngati sanasakanize ndi kotoni. Akasakaniza imamwa madzi.

Mayi wothamanga mitunda italiitali: Za lebulozo nzoona koma si zokhazo ayi. Ulusi wa poliyesita paokha sumwa madzi, pomwe wa kotoni umamwa nkufufuma nkuwasunga, nchifukwa chake imalemera. Chomwe chimachotsa thukuta pakhungu ndi timipata tating'onoting'ono ta pakati pa ulusi, thukuta limakwera m'menemo ngati mmene palafini amakwerera chingwe cha koloboyi, likafika kunja limamwazika pamalo aakulu mphepo nkuliumitsa msanga. Ndipo kuumako ndi komwe kumaziziritsa thupi, thukuta longodontha pansi silikuthandizani chilichonse. Ndiye zimatengera malukidwe a nsalu ndi mankhwala omwe amaipaka kufakitale kuti madzi aziyenda pa ulusiwo. Poliyesita wina ngoterera, wolukidwa mothinana, wa fashoni chabe, ameneyo thukuta silidutsa bwino.

Yesani chonchi, tembenuzani tishetiyo ili youma mudonthezere dontho limodzi la madzi mbali yokhudza khungu. Likalowa pompopompo nkufalikira ndiye ili bwino. Likakhala pamwamba lozungulira osalowa, mwina nsaluyo si yothamangira, kapena mwini wake woyamba ankaichapa ndi mankhwala ofewetsa zovala aja onunkhira. Amenewo amasiya kamafuta pa ulusi madzi nkumakana kuyenda. Ichapeni kangapo ndi sopo wamba, tsukuluzani bwinobwino, osaisita, muyesenso dontho lija.

Wofunsa: Asisi ndayesa pompano, dontho langokhala pamwamba ngati kamkanda mpaka ndachita kulipukuta. Ndipo kunyumba kuno timathiradi zofewetsazo pochapa chilichonse. Ndiichapa payokha ndione.

Mnyamata wa ku Chilenje: Ine ndimavala jekete ya pulasitiki mkati mwa thirakisuti kuti thukuta lituluke lambiri, sikelo imatsika tsiku lomwelo, yesani muone

Mayi uja: Chonde mchimwene wanga siya zimenezo makamaka mwezi uno, masana kumapitirira madigiri 30. Chomwe chatsika pa sikelo ndi madzi, ukamwa abwerera, mafuta ali pompo. Pulasitiki imatsekera thukuta kuti lisaume ndiye thupi limangotenthera mkati. Ukayamba chizungulire, mutu, nseru kapena kusokonezeka ima, vula, khala pamthunzi, dzithire madzi ndi kumwa.

Kwa wofunsa, nyengo yotentha valani tisheti yopyapyala yoyera kapena yowala, kabudula, kapu yopepuka, masokosi osakhala a kotoni kuopa matuza. Pa nsonga za mabere ndi m'ntchafu pakani vaselini. Za Julayi zija, juzi yanu inanyowa nkukhala pathupi, mutaima thupi linachepetsa kupanga kutentha koma chinyezi chikupitiriza kukuziziritsani. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kumatsika mpaka madigiri 10 kapena kuchepera, koma muzivala ngati kwafunda ndi madigiri ena 10 pamwamba, muzituluka pakhomo mukumva kazizira pang'ono, mphindi khumi zikamatha mwatenthedwa. Mkati yokoka thukuta ya manja aatali, pamwamba kajekete kopyapyala ka zipi koti mutha kumanga m'chiuno. Zala zikamazizira magolovesi, osati kuonjezera juzi. Mukangomaliza sinthani chonyowacho musanayambe macheza.

Bambo wa ku Kabwata: Zonsezi ndamva koma ine kotoni sindimusiya. Mwezi wouma ngati uno tisheti yonyowa imandiziziritsa mphepo ikaomba, ndipo poliyesita amanunkha abale, ngakhale uchape fungo limabwerera ukangotuluka thukuta.

Mayi uja: Za fungo simukunama bambo, mafuta a m'thupi amakakamira pa poliyesita. Osamaisiya m'chikwama, chapani tsiku lomwelo muyanike. Pa mtunda waufupi kukauma chonchi kotoni angapirike, koma mvula ikayamba mpweya umadzaza chinyezi, sauma nkomwe, ngakhale yokoka thukutayo imachedwa.

Wofunsa: Nanga kukula kwake, yothina kapena yomasuka? Mnzanga akuti ikapanda kukhudza khungu singakoke thukuta.

Wa ku Matero: Yothina m'Okutobala? Ine ayi, mphepo izilowa pansi.

Mayi uja: Mnzanuyo akunena zoona pa yamkati ya nyengo yozizira, iyenera kugwira thupi. Kukatentha ine ndimakonda yongokhudza mapewa ndi msana koma yomasuka m'mimba, komabe ndili ndi anzanga amathamanga ndi zothina ndipo sadandaula.