Zowonjezera pa funso la sin x / x

Yankho loyamba linali lakuti x ikamayandikira 0, sin x / x imayandikira 1. Wofunsayo wabweranso ndi funso ili:

“Ndayesanso pa kakyuleta: sin(0.01)/0.01 ikutuluka 0.01745, osati 1 monga munanenera. Chavuta n’chiyani?”

Kakyuleta yanu ili pa DEG, kutanthauza madigiri. Isintheni ikhale pa RAD, kutanthauza maradiyani, mupeza 0.99998.

Limiti ya 1 imatheka ndi maradiyani okha. Pa bwalo la radiyasi 1, ngodya ya maradiyani x imadula mzere wokhota wotalika x ndendende, ndipo ngodyayo ikamachepa, sin x imayandikira kufanana ndi mzerewo. Digiri imodzi imangodula π/180, choncho limitiyo imasanduka π/180, yomwe ndi 0.01745 mwapezayo.

Vutoli limafikanso pa derivetivu: mu madigiri, ya sin x ndi (π/180)cos x, osati cos x yokha. Mukaiwala π/180, yankho limakula pafupifupi ka 57.