Funso la kusuntha ndi kufinya galafu

"Ndasuntha y = x³ − 3x kumanja ndi 2, kenako ndaifinya ndi theka chopingasa. Ndalemba (2x − 4)³ − 3(2x − 4) koma galafu yanga sikugwirizana ndi yankho."

Pa funso limeneli, vuto lagona pa ndondomeko ya masitepe.

Tsatirani nsonga imodzi. Pa y = f(x) = x³ − 3x, nsonga ya pamwamba ili pa (−1, 2). Mukaisuntha kumanja ndi 2 imafika pa (1, 2), ndipo f(x) imakhala f(x − 2). Kufinya ndi theka kumachepetsa mtunda wa mfundo iliyonse kuchokera pa mzere wa y, choncho nsongayo imafika pa (0.5, 2). Polemba, mumachotsa x yekha n'kuikapo 2x, osati kuchulukitsa (x − 2) yense. Yankho ndi f(2x − 2):

y = (2x − 2)³ − 3(2x − 2)

Ikani x = 0.5: mkatimo mutuluka −1, ndipo y ndi −1 + 3 = 2. Zagwirizana.

Zomwe munalembazo ndi f(2(x − 2)), kutanthauza kufinya kaye kenako kusuntha. Nsonga yake ili pa (1.5, 2), galafu yonse yapitirira kumanja ndi 1 poyerekeza ndi yolondola ija.

Potembenuza galafu samalani ndi chitsanzo chimenechi. Apa −f(x) ndi f(−x) zimapereka galafu imodzimodzi, 3x − x³, chifukwa mphamvu zonse za x ndi zosagawika ndi 2. Yesani pa x³ − 3x + 1 kuti muone kusiyana: −f(x) imadula mzere wa y pa −1, pomwe f(−x) imadulabe pa 1.