Ngongole ya ku banki m'khonde yandithina, ndikapemphe bwanji kuti andionjezere nthawi?

Mwini funso (dzina labisidwa):
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndimasoka zovala. Miyezi itatu yapitayo ndinatenga 90,000 ku gulu lathu kuti ndigule nsalu za oda ina yaikulu. Chiwongola dzanja chathu ndi 10 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo ngongole siyenera kupyola miyezi itatu. Mwezi woyamba ndinabweza 30,000 ndi chiwongola dzanja cha 9,000. Wachiwiri ndinangokwanitsa chiwongola dzanja chokha, 6,000. Sabata yamawa akufuna 66,000 yonse, koma m'manja ndili ndi 26,000 basi, chifukwa mwini odayo anatenga zovala n'kungondipatsa theka. Sindinaphonyepo chilowereni m'gululi. Ndikufuna kupempha miyezi iwiri. Kodi ndiyambire kwa ndani, ndipo ndikanene kuti chiyani?

Mayi wa mapasa:
Pitani kwa a tcheya kunyumba madzulo mukawafotokozere. Iwo akavomera, yatha. Musakadzichititse manyazi pamaso pa anthu.

Mlembi wakale:
Kukawaona a tcheya n'kwabwino, koma kunena kuti akavomera yatha ayi, amayi. Ndakhala mlembi zaka zingapo ndipo ndaonapo gulu likugawikana chifukwa cha zogwirizana kuseri. Ndalamayo si ya komiti, ndi ya mamembala onse, n'chifukwa chake bokosi limatsegulidwa onse akuona. Kwa a tcheya ndi a mlembi mukupita kukawatsina khutu kuti nkhani yanu ayiike pa zokambirana, komanso kuti akuwerengereni zimene malamulo a gulu lanu akunena za wochedwa kubweza. Chitani zimenezi tsiku lisanafike. Wopempha nthawi isanakwane amamveka mosiyana ndi wopempha dzina lake litaitanidwa kale.

Ndisanapitirire, achemwali, ndiuzeni zitatu. Mukugawana liti? Masheya anu afika pa zingati? Nanga gulu lanu limatseka liti kulandira ngongole?

Mwini funso:
Kugawana kwatsala masabata 11. Masheya anga ndi 52,000. Lamulo lathu ndi loti ngongole zonse zikhale zitabwera kutatsala masabata 4. Ine ndimaganiza zokapereka 26,000 sabata yamawa, kenako 24,000 mwezi wotsatira, n'kumaliza ndi 22,000.

Mlembi wakale:
Masamu anu ali bwino, ndawayesa. Pa 26,000 ija, 6,000 ndi chiwongola dzanja, 20,000 ikudula ngongole, kutsala 40,000. Kenako 4,000 ndi 20,000, pomaliza 2,000 ndi 20,000. Vuto lili pa masiku. Werengani kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo. Ngati mukugawana sabata ya 11 ndipo amatseka kutatsala masabata 4, tsiku lanu lomaliza ndi sabata ya 7. Dongosolo lanu likugwera sabata yoyamba, ya 5 ndi ya 9. Ya 9 iyo yadumpha mpanda. Mukakanena choncho wina angoimika dzanja n'kukumbutsa lamulo, nkhani n'kufera pomwepo, ngakhale onse amakukondani.

Ndiye musakapemphe miyezi iwiri, mukapemphe masabata 6. Sabata yamawa 26,000, kutsala 40,000. Sabata ya 5 mupereke 29,000, ndiye kuti 4,000 ya chiwongola dzanja ndi 25,000 yodula ngongole, kutsala 15,000. Sabata ya 7 mumalize 15,000 ija ndi chiwongola dzanja chake. Apa mukafunsiretu: magulu ena amawerenga masabata awiri ngati mwezi wathunthu, 1,500, ena amadula pakati, 750. Zimveke tsiku lomwelo ndipo zilembedwe, chifukwa tindalama tating'ono ngati timeneti ndi timene timayambanitsa anthu.

Koma funso lalikulu ndi ili: 29,000 ya sabata ya 5 ichokera kuti? Mukakanena kuti "mwini oda akandipatsa", simunanene kanthu, poti ndi yemweyo wakugwetsani kale. Konzani dongosolo potengera zimene makina anu amalowetsa sabata ndi sabata. Ya mwini oda ikabwera, ingokhala yofulumizitsa.

Bambo wa kabaza:
Ine zinandionekera chaka chatha. Ndinatsala ndi 50,000, ndinachita manyazi n'kujomba misonkhano iwiri. Anandiphatikizira chiwongola dzanja pamwamba pa ngongole, n'kuwonjezera chindapusa cha kujomba. Mayi, chilichonse chimene mungachite, chiwongola dzanja chokhacho musachisiye.

Mlembi wakale:
Zoona abambo. Kwa achemwaliwa, ngati gulu lawo limaphatikiza chonchi, 66,000 ikhala 72,600 pakatha mwezi, kenako 79,860. Pamenepo yadutsa kale masheya awo.

Mtsikana wa saluni:
Nanga bwanji osangowauza adule ku masheya? 26,000 kuphatikiza 40,000 ya masheya, ngongole yatha, mugone tulo.

Msungichuma wina:
Asisi, zimamveka zophweka koma magulu ambiri salola kudula masheya pakati pa chaka. Amadula tsiku logawana, ngati njira yomaliza. Ndiponso phindu limagawidwa potengera masheya amene watsala nawo. Akafufuta zidindo za 40,000 m'kabuku kawo, phindu apatsidwa la 12,000 yokha, chaka chonse chosonkha chija n'kupita pachabe. Masheyawo awagwiritse ntchito pakamwa: "Ndikapereka 26,000, yotsala ndi 40,000, masheya anga ndi 52,000, ndiye ngakhale nditalephera gulu silitaya kanthu." Mawu amenewa ndi amene amaziziritsa mitima ya anthu.

Chokhacho ndisiyane pang'ono ndi a mlembi. Ine ndikadakhala mu komiti yawo ndikadafuna chindapusa ndithu, ngakhale chochepa. Pali ena akudikira ndalama yomweyo kuti abwereke ulendo womaliza, ndipo mukamukhululukira mmodzi, mwezi wamawa abwera asanu.

Mlembi wakale:
Chiwongola dzanja akupitiriza kulipira, gulu likupindulabe. Chindapusa n'cha wophonya osanena. Wabwera yekha tsiku lisanakwane mumulangirenji?

Msungichuma wina:
Ngati malamulo awo analemba choncho, chabwino. Ngati sanasiyanitse, akonzekere kulipira.

Mnyamata wa m'tauni:
Pali anthu amabwereketsa mwachangu, tsiku lomwelo. Kapena tengani ku gulu lina mutseke uku.

Mayi wa mapasa:
Iwe, katapila ameneyo! Mayiwa afunsa za kupempha nthawi, osati kukumba dzenje lina.

Mwini funso:
Zikomo nonse. 29,000 pakamodzi ikundiopsa, koma pa sabata ndimatha kupatula 7,000 kapena 8,000. Kodi ndingamapereke sabata iliyonse, poti timakumana sabata ndi sabata? Nanga masheya ndisiye kaye kugula? Komanso thumba la zadzidzidzi silingandithandize?

Mlembi wakale:
Thumba la zadzidzidzi musalitchule n'komwe, limenelo n'la matenda, maliro ndi ngozi, osati bizinesi ikavuta. Kupereka sabata iliyonse pemphani, ndipo n'kwabwino kuposa kusunga ndalama m'nyumba mwezi wonse. 7,500 kwa masabata 6 ndi 45,000, pamene zonse zotsala sizipyola 45,500, ndiye sabata imodzi yokha muonjezere 500. Mulembe pa pepala tsiku lililonse ndi ndalama yake, muwerenge pamaso pa onse mutagwira 26,000 ija m'manja. Akavomera, a mlembi alembe masiku atsopanowo m'buku lalikulu ndi m'kabuku kanu, musainire musanachoke. Mukagwirizanenso chimene chidzachitike mukaphonya sabata imodzi, musasiyire anthu kuti adzaganize tsikulo atakwiya.

Za masheya, gulani imodzi yokha ngati lamulo likukakamiza. Mukamagula zisanu uku mukuti mulibe ndalama, anthu akuonani.

Msungichuma wina:
Kwathu wochedwa ndi ngongole sitimulola kugula sheya ngakhale imodzi mpaka amalize. Akafunse zimenezonso kwa a mlembi awo.

Mwini funso:
Mawa m'mawa ndilawirira kwa a mlembi ndi pepala langa. Za chindapusa ndikamvera komweko.