Maso ndawasintha kukhala obiriwira koma akuoneka ngati apakidwa penti

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi chithunzi cha mtsikana chopita pa positala, ndipo kasitomala akufuna maso ake abulawuni akhale obiriwira pang'ono. Mu Photoshop ndatsegula leya yatsopano, ndapaka mtunduwo ndi burashi, ndatsitsa Opacity kufika 50%. Zotsatira zake, maso akuoneka ngati mabatani. Timizere ta mkati mwa ayirisi tonse tafufutika.

Mbewe wa pa situdiyo: Achemwali, leyayo ili pa Normal, ndiye pentiyo ikungophimba zonse. Isintheni ikhale pa Color. Imasintha mtundu wokha, kuwala ndi mdima wa pansi imazisiya mmene zilili. Basi, yatha.

Nachisale: Ndayesa achimwene. Timizere tabwerera, koma mtunduwo sukuoneka. Diso langokhala lakuda lobiriwira ngati ndere za m'chithaphwi.

Gogo Lenzi: A Mbewe anena zoona, koma njira imeneyo imakwanira pa maso owala kale. Diso labulawuni woderapo lili ndi kuwala kochepa, ndipo Color sangaike mtundu wooneka pamalo pamene ndi pamdima. Yambani mwakweza kuwala, mtundu ubwere pambuyo.

Sankhani ayirisi ndi Elliptical Marquee, Feather ikhale pikiselo 1 kapena 2, kenako tsegulani Curves kuti masiki ipangike yokha. Kokerani m'mwamba pakati pa mzerewo koma gwirani kachidutswa ka m'munsi kasakwere, kuti timizere toderapo tikhalebe toderapo. Mukakweza zonse pamodzi, diso limaphwatalala pomwepo.

Ntchito yeniyeni ili pa masikiyo. Ndi burashi yakuda yofewa, Flow 10%, chotsani mwana wa diso, kadontho kowala ka fulashi, ndi mkombero wakuda umene umazungulira ayirisi kumalire ndi poyera. Mkombero umenewu ukawala, aliyense amazindikira kuti diso lagwiridwa, ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa chake. Bwezeraninso mthunzi wa chikope cha m'mwamba, chifukwa diso lenileni limadera kumtunda.

Mukatero onjezani Hue/Saturation, chongani Colorize, Hue pakati pa 75 ndi 95, Saturation 15 mpaka 20, Lightness musaikhudze chifukwa imachititsa diso kutuwa ngati lagwa nkhungu. Masiki ya Curves ija ikopereni pogwira Alt n'kuikokera pa leya yatsopanoyi.

Jailosi: Ine ndimangogwiritsa Dodge Tool poyera pa diso, Exposure 15%, kufiira konse kumachoka.

Gogo Lenzi: A Jailosi, iyo ndi nkhani ya poyera, ife tili pa ayirisi. Ndipo poyerapo akapayeretsa kwambiri pa chithunzi ichi, ziwonjezera vuto.

Nachisale: Zasintha kwambiri agogo, zikomo. Ndaika Hue 85, Saturation 18. Koma mtunduwo ndi umodzimodzi diso lonse, ndipo pakuoneka timadontho ngati mchenga.

Gogo Lenzi: Mtundu umodziwo ndi Colorize, amakakamiza chilichonse kukhala chofanana. Maso obiriwira enieni nthawi zambiri amakhala ndi kabulawuni kapena kagolide mozungulira mwana wa diso. Ndiye pa masiki ya Hue/Saturation yokha, pakani pang'ono ndi burashi yakuda kuzungulira mwana wa disoyo, Flow 5%, kuti bulawuni wachibadwa atulukire ndipo asungunukire mu wobiriwirayo. Musapange mkombero wangwiro ngati wa kampasi, dzanja lizigwedezeka pang'ono.

Kenako onani pamene pali kadontho kowala. Ngati kali kumtunda chakumanzere, kuwala kumalowa pamenepo n'kukawalitsa ayirisi kumunsi chakumanja. Ikani Curves yachiwiri, masiki yakuda ndi `Ctrl+I`, mupake kachigawo konga mwezi watsopano pamenepo ndi burashi yoyera. Maso onse awiri kachigawoko kakhale mbali imodzimodzi, osati moyang'anizana.

Mchengawo ndi phokoso limene linabisala mumdima, Curves yaliulula. Kodi fayiloyo ndi RAW?

Nachisale: Ayi, ndi JPEG, anatumiza pa WhatsApp. Ayirisi mulitali mwake ndi mapikiselo pafupifupi 60.

Gogo Lenzi: Ndiye malire anu ndi amenewo. Pa mapikiselo 60 timizere ndi tochepa, ndipo JPEG inataya kale zambiri za m'malo amdima. Pemphani fayilo yoyambirira, aitumize ngati Document kuti isafinyidwe. Ikakanika, ikani maleya onse mu gulu limodzi, mutsitse Opacity kufika 60% kapena 70%, diso likhale lobiriwira moderapo. Muziliweruza pa 100% ndiponso mutachepetsa kuti nkhope yonse ioneke, osati pa 400%.

Mbewe wa pa situdiyo: Pa fayilo yotere ine ndingatenge ayirisi ya chithunzi china chakuthwa n'kuiika pa Soft Light kuti ibwereke timizere.

Gogo Lenzi: Zimatheka, koma diso limatuluka lakuthwa kuposa nsidze ndi khungu loyandikana nalo, ndipo kuwala kwa zithunzi ziwirizo sikumagwirizana kawirikawiri. Ine sindingatero pa positala yaikulu.

Mbewe wa pa situdiyo: Gaussian Blur ya pikiselo imodzi imathetsa kuthwako. Achemwali, yesani zonse ziwiri, mutiikire pano tione.